Munthu mmodzi, maina anayi pa chikalata chimodzi

Msuweni wanga anafika kwathu Loweruka lina m'mawa atapanira envulopu yakhaki kukhwapa. Mkati mwake munali chikalata cha masamba 6, pangano logulira nyumba ya zipinda zitatu imene anakhala akuisungira ndalama kwa zaka zambiri pa geni yake ya kaunjika. Ankayenera kukasaina Lolemba. Atakhala pansi anati, "Asuweni, tandiwerengereniko ichi, ine Chingerezi cha maloya chimandizunguza mutu." Nkhawa yake inali pa mtengo ndi masiku olipira, ndipo zimenezo ndinazipeza zili bwinobwino monga anagwirizanirana. Chimene chinandiimika chinali dzina la mwini nyumba.

Maina ndawasintha kuti ndisaulule eni nkhani, koma kasiyanidwe kake ndakasunga monga kanalili. Pa tsamba loyamba, pamene chikalata chimatchula anthu amene akupangana, wogulitsayo analembedwa kuti Petulo Yohane Ng'oma. Pa tsamba lachitatu, pa ndime yonena za amene adzalandire ndalama, panali Yohane Petulo Ngoma. Pa tsamba lachisanu, pamene pamafotokozedwa nambala ya poloti ndi mwini wake wa m'kaundula wa malo, panali Peter Ngoma. Pa tsamba lotsiriza, kunsi kwa mzere wosainapo, anangolembapo P. Y. Ngoma.

Nditamusonyeza, msuweni wanga sanaone vuto. "Komatu ndi munthu mmodzimodziyo. Ndimawadziwa bambo amenewa, timapemphera limodzi." Ankanena zoona. Vuto ndi lakuti chikalata sichilemberedwa anthu amene akudziwana. Chimalemberedwa mlembi wa ku ofesi ya za malo amene sanamuonepo wogulitsayo, wogwira ntchito kubanki amene adzafunsidwe ngongole nyumbayo ili chikole, woweruza amene angadzachiwerenge patapita zaka makumi awiri, ndi ana amene adzatsale onse osainawo atamwalira. Anthu onsewa alibe nkhope yoti ayang'ane. Ali ndi zilembo zokha, ndipo akaona zilembo zikusiyana, ntchito yawo imawalamula kuti ayambe aganiza kuti mwina ndi anthu awiri.

Tinawaimbira foni ogulitsawo pomwepo. Msuweni wanga atawapatsa moni anafunsa kuti, "Bambo Ng'oma, kodi a Yohane Petulo ndinu nomwe?" Anayankha mosachedwa kuti, "Ayi mayi, amenewo ndi malemu bambo anga. Ine ndine Petulo Yohane." Tinayang'anana. Ndime yofunika kwambiri m'chikalata chonsecho, yonena za kolowera ndalama, inkatchula munthu amene anagona kumanda zaka zingapo zapitazo.

Izi si zachilendo kwathu kuno, ndipo n'chifukwa chake kasanjidwe ka maina si nkhani yaing'ono. M'mabanja ambiri mwana amatenga dzina loyamba la bambo ake n'kukhala dzina lake lachiwiri, ndipo mwana woyamba wamwamuna kawirikawiri amamutcha dzina la agogo ake. Motero agogo akakhala Petulo, mwana wawo Yohane Petulo, mdzukulu amakhala Petulo Yohane. Maina ndi omwewo awiri, amangosinthana malo m'badwo uliwonse. Wotaipa akawatembenuza mosazindikira, sanangolakwitsa kalembedwe, watchula munthu wina weniweni wa m'banja lomwelo, amene mwina ali ndi ana ena, mkazi wina ndi chuma chake chimene abale akuchiyang'ana.

Ndisakuopsezeni mopitirira. Makhothi athu amatsata mfundo yakale yakuti dzina likalakwika pang'ono koma n'zoonekeratu kuti akunenedwa ndi ndani, pangano silifa chifukwa cha zimenezo. Chilembo chimodzi chosowa sichilanda munthu nyumba yake. Koma taonani mawu akuti "zoonekeratu". Ngati pali munthu wina amene dzina lolakwikalo likumukwana, monga malemu Yohane Petulo, kuonekeratu kuja kwatha, ndipo pamafunika mboni ndi umboni kuti zilongosoke. Mbale wina wa ogulitsawo akanatha kudzanyamula tsamba lachitatu lija n'kunena kuti, "Onani, ndalamayi inali ya bambo athu, tonse tili ndi gawo." Mwina akanaluza mlanduwo, koma msuweni wanga akanataya miyezi ndi ndalama za loya akuteteza nyumba imene analipira yonse. Ngakhale popanda mkangano, mlembi wa ku ofesi ali ndi ufulu wobweza mapepala kuti akakonzedwe, ndipo pa nthawiyo wogulitsa akhoza kukhala atalandira zake n'kusamukira kutali, foni osayankha.

Kodi kusiyanaku kumachokera kuti? Zambiri zimachokera m'kamwa mwathu momwemu. Amene amalankhula Chichewa samva kusiyana kwenikweni pakati pa l ndi r, choncho Chirwa ndi Chilwa, Kalua ndi Karua, khutu limawalandira ngati dzina limodzi. Ambirife tinaphunzira kusukulu kuti r amabwera pambuyo pa i ndi e, ndipo wotaipa amene analigwiritsa lamuloli amatha "kukonza" dzina la munthu mwa chifundo chake. Koma dzina la munthu silimvera malamulo a kalembedwe ka chiyankhulo. Ngati pa chiphaso pake pali l, ndiye kuti ndi l, kaya aphunzitsi a Chichewa akanachonga kapena ayi.

Chilembo cha h nachonso chimasowa kawirikawiri: Phiri amasanduka Piri, Nkhoma amasanduka Nkoma, Mphande amasanduka Mpande. Abale athu a ku Zambia amatha kulemba c pamene ife timalemba ch. Ndiye pali nkhodolero, kachizindikiro ka m'mwamba kaja kamene kali mu Ng'oma ndi M'bewe. Kamaoneka ngati kachitsotso kogwera pa pepala, koma ng'oma ndi yoimba ndipo ngoma ndi nyama ya kutchire, ndipo maina onse awiriwa ali ndi eni ake.

Zina zimachokera m'njira imene munthu wayenda pa moyo wake. Kumudzi anali Petulo, kusukulu aphunzitsi anamulemba Peter, pa ubatizo anawonjezera dzina lina, ku ntchito anamulemba zilembo zoyamba zokha. Mayi wina mayeso a MANEB analembera dzina la bambo ake, ku banki analembetsa la amuna ake, pamene mudzi wonse umamudziwa ndi mfunda wake woti Nabanda. Kaundula wa kusukulu anatizoloweretsa kuyamba ndi dzina la makolo, mafomu ena amatero, ena amayamba ndi dzina loyamba, ndipo maina ngati Chisomo, Mphatso kapena James amatha kukhala kutsogolo kapena kumbuyo osadabwitsa aliyense. Kale zonsezi zinkayenda chifukwa mfumu kapena abusa ankangochitira umboni kuti mwanayu ndi wathu. Zinthu zinasintha mu 2017 pamene bungwe la National Registration Bureau linalemba anthu oposa 9 miliyoni a zaka 16 kupita m'tsogolo n'kuwapatsa ziphaso za unzika. Kuyambira pamenepo mabanki, makampani a foni ndi maofesi a boma ali ndi chinthu chimodzi chofanizira dzina lanu, ndipo nthawi zambiri wofaniza woyamba ndi kompyuta, imene siidziwa zakuti Petulo ndi Peter ndi dzina limodzi.

Pa mfundo ya nkhodolero pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu amene ali ndi pasipoti. Mukayang'ana kunsi kwa tsamba la chithunzi muona mizere iwiri ya zilembo 44 uliwonse, yowerengedwa ndi makina a pa bwalo la ndege. Malamulo a bungwe la ICAO, loona za maulendo a pa ndege pa dziko lonse, salola nkhodolero m'mizere imeneyi, ndipo dzina la makolo limayamba nthawi zonse. Dzina la wogulitsa wathu likanaoneka chonchi:

```
NGOMA<<PETULO<YOHANE
```

Zizindikiro ziwiri zotsatizanazo zimasonyeza pamene dzina la makolo lathera. Si kuti ofesi yalakwitsa, ndi mmene makinawo amawerengera. Koma wotaipa chikalata asakopere dzina pa mizere imeneyi. Akopere la m'mwamba, lolembedwa kuti liwerengedwe ndi maso a munthu.

Tibwerere ku envulopu ija. Lolemba sitinasaine. Tinapita ku ofesi kumene chikalatacho chinalembedwa, ogulitsawo atanyamula chiphaso chawo cha unzika chenicheni osati fotokope, chifukwa fotokope yofufuma imameza nkhodolero ndipo imasandutsa chilembo china kukhala chinzake. Chinthu choyamba chinali kugwirizana kuti dzina tikulitenga pati. Apa palibe kuvota kapena kufunsa munthu kuti amakonda kulembedwa bwanji. Mumasankha chikalata chimodzi cha boma, ndipo kwa Mmalawi wamkulu chimenecho ndi chiphaso cha unzika. Pa chiphasopo dzina la makolo lili pa mzere wakewake, maina enawo pa mizere yawo, choncho palibe kukayika kuti liti ndi liti. Panali Ng'oma, nkhodolero ili pomwepo, kenako Petulo, kenako Yohane.

Chachiwiri chinali kuchepetsa malo amene dzinalo likulembedwa. Iyi ndi njira imene maloya odziwa ntchito amagwiritsa ntchito, ndipo ndimaikonda chifukwa imachotsa vutolo pa muzu. Dzina lonse limalembedwa kamodzi pa tsamba loyamba, limodzi ndi nambala ya chiphaso ndi keyala, kenako pamatsatira mawu onena kuti m'chikalata chonsechi munthuyu azitchedwa Wogulitsa. Mnzakeyo chimodzimodzi, azitchedwa Wogula. Kuchokera pamenepo ndime zonse zimangonena kuti Wogula adzapereka kwa Wogulitsa ndalama zakuti pofika tsiku lakuti. Ndime ya pa tsamba lachitatu ija sinafunikenso dzina lililonse. Dzina limene silinalembedwe silingalakwike. Nambala ya chiphaso nayo imagwira ntchito imene dzina palokha silingathe, chifukwa a Petulo Ng'oma angakhale khumi m'boma limodzi koma nambala ndi ya munthu mmodzi.

Chenjezo limodzi pa njira imeneyi: mawu amene mwasankhawo asasinthenso. Mukayamba ndi Wogulitsa musalembe Mwini Nyumba pa tsamba lachinayi, chifukwa mwabweretsanso funso lomwe lija pa khomo la kuseri.

Tsamba losainira linkafunika dzina lonse, osati P. Y. Ngoma. Anthu ambiri amasokoneza zinthu ziwiri apa. Siginecha ndi chizindikiro cha dzanja lanu, ikhoza kukhala yokhotakhota yosawerengeka, bola ikhale imene mumasaina masiku onse. Koma dzina lotaipidwa kunsi kwa mzere ndi limene limauza wowerenga kuti dzanjalo ndi la yani, ndiye liyenera kufanana chilembo ndi chilembo ndi la pa tsamba loyamba. Zilembo za P. Y. zikhoza kuimira Paulo Yona kapena Patrick Yusufu. Tsamba limeneli ndi limenenso limavuta kwambiri, chifukwa ndi losavuta kulichotsa n'kulimata ku chikalata china. N'chifukwa chake opangana amalemba zilembo zoyamba za maina awo kunsi kwa tsamba lililonse, ndipo masamba amakhala ndi manambala osonyeza kuti ili ndi tsamba lachitatu mwa masamba 6. Mboni nazonso zilembedwe maina onse monga alili pa ziphaso zawo, poti tsiku lina zingadzafunidwe kukhothi ndipo munthu wolembedwa kuti "Mai Banda" palibe amene angamupeze.

Tsamba lachisanu ndi limene linatitayitsa nthawi, ndipo ndi pamene ndikufuna owerenga aimepo pang'ono. Wotaipa uja ataona kuti tikukonza maina anafuna kusinthanso Peter Ngoma kuti akhale Petulo Yohane Ng'oma. Loya anamuletsa, ndipo anachita bwino. Pa tsamba limenelo chikalata chikubwereza zimene zili m'kaundula wa malo. Lizi ya polotiyo inatuluka kale chiphaso cha unzika chisanabwere, nthawi imene bamboyo ankagwiritsa ntchito dzina la kusukulu, ndipo m'kaundula mwalembedwadi Peter Ngoma. Mukasintha pa tsamba lanu simunasinthe kaundula, mwangobisa kusiyanako, ndipo kukaonekera kutsogolo pa kauntala ya ofesi ya za malo pamene mlembi akafanize pepala lanu ndi buku lake. Kufananitsa maina sikutanthauza kufufuta mbiri. Kumatanthauza kuti paliponse pamene pali kusiyana, chikalata chinene poyera kuti kulipo ndipo chifotokoze chifukwa chake.

Choncho pa tsamba loyamba anawonjezera mawu ochepa pambuyo pa dzina: Petulo Yohane Ng'oma, wodziwikanso kuti Peter Ngoma, dzina limene lili pa lizi ya poloti yakuti. Mawu amenewa amalembedwa kamodzi kokha, pamalo pamene munthu akutchulidwa koyamba. Kenako bamboyo anakalumbira pamaso pa komishonala wolumbiritsa anthu, n'kusaina afidaviti yonena kuti maina awiriwa ndi a munthu mmodzi. Afidaviti yabwino siingonena kuti "ndine yemweyo". Imatchula dzina lililonse monga lalembedwera, chikalata chimene lili, nambala yake, ndi mmene kusiyanako kunayambira, ndipo makope a zikalatazo amamatidwa kumbuyo kwake.

Koma afidaviti ili ndi malire ake amene anthu ambiri sawadziwa. Ndi mawu a munthu mwini wake, olumbirira. Siisintha dzina lake, siikonza kaundula, ndipo siikakamiza ofesi iliyonse kuti ivomere. Ofesi ikhoza kufuna umboni wina. Kukonza cholakwika m'kaundula wa malo ndi ntchito ya mlembi wamkulu wa kaundulayo, ngati cholakwikacho n'chaching'ono kapena onse okhudzidwa avomera, ndipo pakakhala mkangano nkhani imapita kukhothi. Kusintha dzina kwenikweni nako ndi njira ina yakeyake ya boma, osati kungolumbira kwa loya.

Palinso chifukwa china chimene wogula asamafulumire kukhutira ndi afidaviti. Nthawi zina dzina limasiyana chifukwa munthuyo ndi winadi. Amene amagulitsa malo a eni ake amadalira kufanana kwa maina kotereku: mwana kugulitsa poloti ya bambo ake, mng'ono kugulitsa ya mkulu wake amene ali ku Joni, poti onse ndi a Ngoma ndipo zilembo zoyamba zikufanana. Munthu wokonzeka kuba malo sangaope kulumbira bodza. Choncho mukaona dzina la pa chiphaso likusiyana ndi la m'kaundula, funso loyamba si lakuti tikonza bwanji, koma lakuti kodi m'banjamo mulibe Peter wina? Ife tinapempha kuona zikalata zakale zokhala ndi dzina la Peter Ngoma pamodzi ndi chithunzi kapena tsiku lobadwa. Bamboyo anabweretsa laisensi yake yakale yoyendetsera galimoto ndi malisiti a msonkho wa malo a zaka zambiri. Nkhope inali yomweyo, tsiku lobadwa linali lomwelo la pa chiphaso cha unzika. Pamenepo mtima unakhala pansi. Tinaonanso kuti akaunti ya kubanki yolandirira ndalama ili m'dzina la pa chiphaso, kuti umboni wa kubanki wosonyeza kuti ndalama zalowa udzagwirizane ndi panganolo.

Chikalata chitataipidwanso sitinangokhulupirira kuti zonse zakonzedwa. Pa kompyuta pali njira yofufuzira mawu, pa makina ambiri mumadina Ctrl+F. Koma musafufuze dzina lolondola lokha, chifukwa kompyuta idzakusonyezani malo amene lalembedwa bwino n'kudumpha amene lalakwika, omwe ndi amene mukuwafunawo. Fufuzani kachidutswa ka dzina kamene sikasintha. Ife tinalemba zilembo zitatu zotsiriza, oma, ndipo zinatulutsa Ng'oma ndi Ngoma yemwe. Tinachitanso chimodzimodzi ndi Pet kuti tigwire Petulo ndi Peter, kenako Yoh. Mwa njira imeneyi tinapeza dzina lina limene maso athu analidumpha Loweruka lija, m'timalemba ting'onoting'ono tobwerezedwa kunsi kwa tsamba lililonse, mmene munali mukadali Ngoma wopanda nkhodolero. Dziwaninso kuti kompyuta nthawi zambiri siiwerenga masamba amene analowetsedwa ngati zithunzi, monga mapu a poloti kapena kalata yojambulidwa, choncho amenewo ndi a maso basi.

Maofesi ambiri salemba chikalata kuyambira pachiyambi. Amatenga cha kasitomala wa dzulo n'kusintha maina ndi manambala. Si kulakwa kutero, koma ndi mmene dzina la munthu wachilendo limatsalira pakati pa ndime ya pa tsamba lachinayi. Kufufuza kwa kompyuta sikungakuthandizeni apa poti simukudziwa dzina loti mufufuze. Mankhwala ake ndi kuwerenga pa pepala lopulintidwa, cholembera chili m'manja, mukuzunguliza liwu lililonse loyamba ndi chilembo chachikulu.

Kuwerenga komaliza tinachita awiri. Msuweni wanga anagwira chiphaso, ine chikalata, ndipo iye ankatchula chilembo chimodzichimodzi: N, G, nkhodolero, O, M, A. Kutchula dzina lonse mokweza sikuthandiza chifukwa cha l ndi r uja, ndiponso diso likazolowera dzina limaona zimene likuyembekeza osati zimene zalembedwa. Mfundo imeneyi ndi yofunika kwambiri kwa okalamba athu amene amadinda chala m'malo mosaina. Iwo amadalira kuwerengeredwa, ndipo akamva dzina lawo likutchulidwa amavomera kuti ndi lomwelo, osadziwa kuti pa pepalapo lalembedwa mwina. Mukaperekeza agogo kukadinda chala pa chikalata cha munda kapena cha wilo, ntchito yanu yaikulu ndi imeneyi, kutenga chiphaso chawo n'kufaniza chilembo ndi chilembo chala chisanakhudze inki.

Nanga cholakwika chikaoneka pa tebulo losainira, pulinta ili kutali? Chabwino koposa ndi kupulintanso tsambalo. Zikakanika, dulani dzina lolakwikalo ndi mzere umodzi woti zimene zinalembedwa zizionekabe, lembani lolondola pamwamba pake, ndipo onse opangana pamodzi ndi mboni alembe zilembo zoyamba za maina awo m'mphepete mwa malowo. Chitani zimenezi pa makope onse, osati lanu lokha, chifukwa makope awiri osiyana ndi mkangano wodikira tsiku lake. Tipekisi musamuyandikire n'komwe. Chikalata chopakidwa tipekisi pa dzina chimaoneka ngati wina wachisintha mwakabisira, ndipo palibe angadziwe kuti pansi pake panali chiyani. Ngati onse anasaina kale n'kubalalika, musakonze nokha kunyumba ngakhale cholakwikacho chikuoneka chopepuka. Bwererani kwa amene anachilemba kuti onse asaine kukonzako kapena alembe kachikalata kena kowonjezera. Pa wilo nkhaniyi ndi yolimba koposa: kusintha kulikonse kochitika mwini atasaina kale kumafuna siginecha yake ndi mboni ziwiri monga pa wilo yeniyeniyo, ndipo mwini akamwalira mwayi umenewo wapita naye.

Tili pafupi kumaliza, loya anatembenukira kwa msuweni wanga n'kupempha chiphaso chake. Tonse tinali titatanganidwa ndi dzina la wogulitsa moti la wogula palibe analiyang'ana. M'chikalatamo analembedwa ndi dzina la amuna ake, limene amadziwika nalo kumsika ndi kutchalitchi, ndipo linali lofanana bwinobwino pa masamba onse. Koma pa chiphaso cha unzika panali dzina la bambo ake omubereka, lomwenso lili pa akaunti imene ndalama zinkachokera. Nyumba ikanalembedwa m'dzina limene alibe nalo chiphaso, ndipo tsiku lofuna kuigulitsa kapena kukongolera nayo akanafunika kulumbira afidaviti yakeyake. Loya anamufunsa kuti, "Mayi, kodi dzina la pa chiphasoli mukufuna kudzalisintha?" Iye anati ayi. Anasintha tsamba loyamba ndi lotsiriza kuti zitsate chiphaso, ndipo tinabwerezanso kutchula zilembo kuja, ulendo uno za dzina lake.

Anasaina Lachinayi masana, makope atatu. M'chikalata chatsopanocho dzina lonse la wogulitsa linaoneka kawiri, pa tsamba loyamba ndi pa losainira, ndipo Peter Ngoma anaoneka kawirinso, pa tsamba loyamba pamene akufotokozedwa ndi pa lachisanu pamene kaundula akubwerezedwa. Malemu Yohane Petulo sanatchulidwenso paliponse. Afidaviti ndi makope a ziphaso zonse ziwiri anazimata kumbuyo, ndipo msuweni wanga anabwezera kope lake mu envulopu yakhaki ija n'kuthamangira minibasi kuti akatsegule benchi yake dzuwa lisanapendeke.